Mmene tingapezere geyini ya ampulifaya ya komoni emita yokhala ndi rezisita ku emita

Anzanga amene mukuphunzira za zamagetsi, fomula yoti geyini ya komoni emita ndi pafupifupi -RC/RE ambiri mumaidziwa pamtima, koma wina akafunsa kuti yachokera kuti komanso imasiya liti kunena zoona, apa mpamene zinthu zimavuta. Ndiye tiyeni tiipeze tokha kuchokera pansi, ndi seketi yeniyeni yokhala ndi manambala, yoti mukhoza kuimanga pa buledibodi n'kuyeza. Nkhani yonse yagona pa chinthu chimodzi basi: volteji imene mwalowetsa ku besi siyonse imene imafika pakati pa besi ndi emita, gawo lalikulu limathera pa rezisita ya ku emita, ndipo karenti yodutsa mu rezisita imeneyo si ya ku besi yokha ayi. Mukagwira zimenezi zotsalazo ndi masamu wamba.

Seketi yathu ndi iyi. Tiranzisita ya NPN, ngati BC547 kapena 2N3904, ndipo titenga β = 100, kutanthauza kuti karenti ya ku kolekita ikuposa ya ku besi ka 100. Magetsi VCC ndi 12 V. Ku besi kuli marezisita awiri ogawa volteji, R1 ya 47 kΩ yopita ku VCC ndi R2 ya 10 kΩ yopita ku gilaundi. Ku kolekita kuli RC ya 4.7 kΩ, ku emita kuli RE ya 1 kΩ yopita ku gilaundi ndipo palibe kapasita yoikidwa pambali pake. Siginolo ikulowa ku besi kudzera mu kapasita, ikutuluka ku kolekita kudzeranso mu kapasita ina.

Yambani ndi DC, musadumphe pamenepa. Manambala a modeli ya siginolo yaing'ono, gm, rπ ndi re, onse amadalira karenti imene ikuyenda mu tiranzisita pamene palibe siginolo iliyonse, ndiye popanda karenti imeneyo mulibe choika mu fomula. Pa DC makapasita onse ali ngati waya woduka, achotseni pa chojambula chanu. R1 ndi R2 muwasandutse gwero limodzi la Thevenin, kenako muyende kuchokera ku gwerolo kudutsa besi, emita, RE mpaka ku gilaundi, mukutenga VBE, volteji ya pakati pa besi ndi emita, ngati 0.7 V.

```
VTH = 12 × 10/(47 + 10) = 2.105 V
RTH = 47k || 10k = 8.25 kΩ
IE  = (VTH − VBE)/(RE + RTH/(β+1))
    = (2.105 − 0.7)/(1000 + 81.7) = 1.30 mA
IC  = IE × β/(β+1) = 1.287 mA
```

Tsopano onani ngati tiranzisita ili pamalo pamene ingakulitse siginolo. Ku kolekita kuli 12 − 1.287 × 4.7 = 5.95 V, ku emita kuli 1.3 V, ndiye VCE ndi 4.65 V. Izi zili bwino, tili kutali ndi 0.2 V pamene tiranzisita imakhuta, zimene timati sachureshoni. Mukanapeza VCE yapafupi ndi ziro zonse zimene tikufuna kuchita apazi zikanakhala zopanda ntchito, chifukwa modeli imeneyi imagwira pokhapokha tiranzisita ikakhala pakati, yosazima komanso yosakhuta.

Kuchokera pa karenti ija timapeza manambala atatu. VT ndi volteji yobwera chifukwa cha kutentha, kT/q, ndipo pa kutentha kwa m'chipinda, cha m'ma 27 °C, imakhala pafupifupi 26 mV. Mabuku ena amatenga 25 mV, zilibe vuto bola musasinthesinthe pakati pa ntchito.

```
gm = IC/VT = 1.287 mA / 26 mV = 49.5 mS
rπ = β/gm  = 100/0.0495 = 2020 Ω
re = VT/IE = 26 mV / 1.30 mA = 20 Ω
```

Onetsetsani kuti rπ = (β+1) × re, 101 × 20 ndi 2020 yemweyo. Ndi rezisitansi imodzi yomweyo, kungoti rπ ndi mmene imaonekera mukaima ku besi pomwe re ndi mmene imaonekera mukaima ku emita. Komanso re yolembedwa ndi zilembo zing'onozing'ono ili mkati mwa tiranzisita, simungaigwire ndi manja, pamene RE ya zilembo zikuluzikulu ndi rezisita imene mwagula n'kuika nokha. Musazisokoneze ziwirizi chifukwa zikumana mu fomula imodzi posachedwa.

Kenako jambulani seketi ya AC. Makapasita a polowera ndi potulukira asandutseni waya wamba, chifukwa tikuganiza kuti pa fulikwensi imene tikugwira, tinene 1 kHz, rezisitansi yawo ndi yochepa kwambiri. VCC muisandutse gilaundi, popeza volteji yake sisintha, ndipo chinthu chosasintha siginolo imachiona ngati ziro. Ndiye mutu wa RC umene unali ku 12 V tsopano uli ku gilaundi, R1 ndi R2 zonse zili pakati pa besi ndi gilaundi. Tiranzisita muichotse, m'malo mwake muike rπ pakati pa besi ndi emita, komanso gwero la karenti β × ib lochokera ku kolekita kupita ku emita, pamene ib ndi karenti ya siginolo ya ku besi. Apa pali malo amene ambiri amaterereka. Dzina loti komoni emita limapangitsa dzanja kuthamangira kulumikiza emita ku gilaundi monga momwe munazolowera mu seketi yosavuta yopanda RE. Ayi, mu seketi iyi emita siili ku gilaundi. Pakati pa emita ndi gilaundi pali RE ndipo iyenera kuoneka pa chojambula chanu cha AC, chifukwa palibe kapasita yoilambalala.

Tiyeni tione karenti imene ikudutsa mu RE. Pa mfundo ya emita pakufika makarenti awiri, ib yochokera ku besi kudzera mu rπ, ndi β × ib yochokera ku kolekita. Onse awiri alibe kwina kopita kupatula kutsika mu RE, ndiye ie = (β+1) × ib. Mukatero yendani kuchokera ku besi mpaka ku gilaundi mukuwonkhetsa mavolteji, kenako mulembe ya potulukira.

```
vin  = ib·rπ + (β+1)·ib·RE
     = ib·[rπ + (β+1)·RE]
vout = −β·ib·RC
```

Chizindikiro chochotsera chija chili ndi tanthauzo lake, si chokongoletsa. Karenti β × ib imakokedwa kuchokera ku gilaundi ya AC, kudutsa mu RC n'kulowa mu kolekita, choncho kolekita imakhala pansi pa gilaundi ya AC. Kunena mwachidule, besi ikakwera karenti imachuluka, volteji yothera pa RC imakula, ndipo kolekita imatsika. Pa osilosikopu muona funde la potulukira litatembenuka, pamene lolowa lili pamwamba lotuluka lili pansi.

Gawani mzere wachiwiri ndi woyamba, ib ichoka yokha.

```
Av = vout/vin = −β·RC / [rπ + (β+1)·RE]
   = −100 × 4700 / (2020 + 101 × 1000)
   = −470000/103020 = −4.56
```

Basi geyini yapezeka, −4.56. R1 ndi R2 sizinalowemo konse ndipo n'zoyenera kutero, chifukwa vin tayitenga pa besi penipeni, ndipo marezisita awiriwa amangokoka karenti yawo pambali osasintha volteji ya pa besi. Tidzakumana nazo pansipa pamene gwero la siginolo lili ndi rezisitansi yake.

Koma musaime pa fomula imeneyi, ine ndimaona kuti ndi yolondola koma siionetsa bwino chimene chikuchitika. Ikani rπ = (β+1) × re pansi paja, muona kuti (β+1) ikupezeka mbali zonse ziwiri za pansi ndipo mukhoza kuitulutsa kunja. Chotsala ndi β/(β+1), imene timaitchula α, ndipo kwa ife ndi 0.990.

```
Av = −β·RC / [(β+1)(re + RE)]
   = −α·RC / (re + RE)
   = −0.990 × 4700 / (20 + 1000) = −4.56
```

Iyi ndiye yoyenera kuisunga m'mutu. Ikunena kuti geyini ndi rezisitansi yonse imene ili ku kolekita kugawa ndi rezisitansi yonse imene ili pa njira ya emita, ya mkati ndi ya kunja pamodzi. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: vin yonse imagwera pa re ndi RE zolumikizana motsatana, ndiye karenti ya siginolo ndi vin/(re + RE), ndipo pafupifupi karenti yonseyo ndi imene imadutsanso mu RC. Karenti imodzi, marezisita awiri, ndiye mavolteji awo amasiyana monga momwe marezisitawo akusiyanirana. Mukakumana ndi seketi ina yoti ku emita kuli marezisita awiri kapena ku kolekita kuli lodi, simufunikanso kuyambira pa ib, mumangoyang'ana zimene zili kumwamba ndi zimene zili kumunsi.

M'mabuku ena mupeza Av = −gm·RC/(1 + gm·RE). Ndi yomweyi, kungoti atenga α ngati 1. Ndi manambala athu imapereka −232.7/50.5, imene ndi −4.61. Ndipo ija ya pamtima, −RC/RE, imabwera mukatayanso re chifukwa 20 Ω pambali pa 1000 Ω ndi yochepa, imapereka −4.7. Ndiye tili ndi −4.56, −4.61 ndi −4.7, kusiyana kwa yoyamba ndi yomaliza ndi pafupifupi 3 peresenti, kochepera kulakwika kwa marezisita a 5 peresenti amene ali ndi mzere wa golide. Apa −RC/RE ikugwira bwino ntchito. Koma yesani RE ya 47 Ω pa karenti yomweyi ya 1.3 mA: −RC/RE ikuuzani −100, pomwe yolondola ndi −0.990 × 4700/67, pafupifupi −69. Lamulo limene ine ndimatsata ndi loti re ndiitaye pokhapokha RE ikaiposa kakhumi kapena kupitirira apo, ndipo mukhoza kuziona ngakhale ndi malitimita, chifukwa RE/re ndi chimodzimodzi volteji ya DC pa RE kugawa ndi 26 mV. Ngati pa RE pali 1.3 V ndiye kuti RE ikuposa re ka 50.

Mwina mukufunsa kuti n'chifukwa chiyani munthu angafune geyini ya 4.56 pomwe tiranzisita yomweyo ingapereke zambiri. Zoonadi mutaika kapasita yaikulu pambali pa RE, pa AC rezisitayo imasowa, pansi pa fomula pamatsala re yokha ndipo geyini imakwera kufika −232.7. Vuto ndi loti geyini imeneyo yonse yatsamira pa re, ndipo re si rezisita yokhazikika, ndi VT/IE. Kutentha kukasintha imasintha, karenti ya bayasi ikasintha imasintha, ndipo choipa kwambiri n'choti siginolo yomweyo ikamakweza ndi kutsitsa karenti nayonso re imasintha mkati mwa funde limodzi, theka lina limakulitsidwa kwambiri kuposa linzake ndipo mawu amatuluka opotoka. Ndi RE ya 1 kΩ, re ndi 20 chabe mwa 1020, ndiye ngakhale itasintha ndi theka geyini imangosuntha ndi 1 peresenti.

Tiyeseni ndi β, popeza matiranzisita a dzina limodzi amatha kusiyana kwambiri. Tengani β = 300 m'malo mwa 100. IE ikhala 1.405/(1000 + 27.4) = 1.37 mA, re ikhala 19 Ω, α ikhala 0.997, ndipo geyini ndi −0.997 × 4700/1019 = −4.60. β yakwera katatu koma geyini yasuntha ndi zosakwana 1 peresenti. Chimene chikuchitika ndi fidibaki: besi ikakwera karenti imachuluka, volteji ya pa RE imakwera n'kukankhira emita m'mwamba kutsatira besi, ndiye vbe imene ikulamula tiranzisita imakhala yaing'ono kuposa vin. Mukhoza kuwerengera kuti ndi yaing'ono bwanji.

```
vbe = vin × re/(re + RE) = vin × 20/1020 ≈ 0.02·vin
```

Mzere umenewu ukutiuzanso tanthauzo la mawu oti siginolo yaing'ono. Modeli yathu ndi mzere wowongoka umene tauika pa kupindika kwa eksiponenshiyo kwa tiranzisita, ndipo imakhala yoona pamene vbe ili pansi kwambiri pa 26 mV, tinene isapitirire 5 mV mukafuna funde loyera. Popanda RE, vbe ndi vin yomweyo, ndiye siginolo yolowa isapitirire 5 mV. Ndi RE yathu mukhoza kulowetsa 250 mV ndipo vbe ikhalabe cha m'ma 5 mV, potulukira mupeza 1.14 V yoyera bwino. Malire ena ndi a kukhuta kuja. Kolekita ikamatsika ndi 4.56 × vin emita ikukwera ndi 0.98 × vin, ndiye mpata wa 4.65 − 0.2 = 4.45 V ukudyedwa kuchokera mbali ziwiri, ndipo umatha vin ikafika pafupifupi 0.8 V. Kupitirira apo pansi pa funde pamadulika ndipo fomula ya geyini ilibenso mawu.

Tsopano tiike lodi ndi gwero lenileni, chifukwa ampulifaya siikhala yokha. Lodi RL ya 10 kΩ ikalumikizidwa kudzera mu kapasita ya potulukira, pa AC imakhala pambali pa RC, popeza zonse ziwiri zikuchoka ku kolekita kupita ku gilaundi ya AC. Ku mbali yolowera, fomula ya vin ija yatipatsa kale rezisitansi imene besi ikuonetsa, vin/ib, ndipo apa mpamene R1 ndi R2 zikubwerera. Titenge gwero lokhala ndi RS ya 1 kΩ.

```
RC || RL = 4.7k || 10k = 3.20 kΩ
Av       = −0.990 × 3197/1020 = −3.10
Rib      = rπ + (β+1)·RE = 103 kΩ
Rin      = R1 || R2 || Rib = 8.25k || 103k = 7.63 kΩ
vout/vs  = −3.10 × 7.63/(7.63 + 1) = −2.74
```

Taonani mmene −4.7 ya pamtima yathera pa −2.74, popanda chilichonse cholakwika mu seketi. Onaninso kuti RE yakweza rezisitansi ya ku besi kuchoka pa 2 kΩ kufika pa 103 kΩ, koma marezisita a bayasi a 8.25 kΩ ndi amene akutsitsa Rin, ndiye mukafuna Rin yaikulu ntchito ili pa R1 ndi R2 osati pa tiranzisita.

Ngati 4.56 ikuchepa koma bayasi mukuikonda, gawani RE pawiri, RE1 ya 100 Ω kumtunda ndi RE2 ya 900 Ω kumunsi (kusitolo mupeza 910 Ω, imachita), ndipo kapasita muike pambali pa RE2 yokha. DC ikuonabe 1 kΩ yonse ndiye IE ndi re sizisintha, koma AC ikuona RE1 yokha. Geyini yopanda lodi ikhala −0.990 × 4700/(20 + 100) = −38.8. Apa −RC/RE1 ikanati −47, ndiye re musaitaye. Pa kukula kwa kapasita imeneyi samalani, siiyang'anizana ndi 900 Ω yokha ayi. Imaonanso njira yokwera m'mwamba ya RE1 ndi re ndi kagawo kochepa ka rezisitansi ya ku besi, pafupifupi 129 Ω gwero likakhala la 1 kΩ, ndipo 129 Ω pambali pa 900 Ω ndi 113 Ω. Kuti geyini isagwe mpaka cha m'ma 20 Hz mufunika C = 1/(2π × 20 × 113), pafupifupi 70 µF, ndiye ikani 100 µF. Amene amawerengera ndi 900 Ω amaika 10 µF kenako amadabwa kuti mawu okhuthala asowa.

Chimodzi chimene tachisiya dala ndi ro, rezisitansi ya pakati pa kolekita ndi emita yobwera chifukwa cha volteji ya Early. Imakhala pafupifupi VA/IC, ndiye titatenga VA ya 100 V pa karenti yathu ndi cha m'ma 78 kΩ, yaikulu kwambiri poyerekeza ndi 4.7 kΩ. Komanso musaiike chabe pambali pa RC monga mumachitira mu seketi yopanda RE, chifukwa pano mwendo wake wina uli ku emita, osati ku gilaundi. RE imakwezanso rezisitansi imene kolekita ikuonetsa kunja kuposa ro yeniyeniyo, choncho kuisiya kumalakwitsa pang'ono kwambiri mu seketi ngati iyi. Imayamba kufunika pamene m'malo mwa RC muli gwero la karenti kapena rezisita ya makiloomu ambirimbiri.

Mukamanga seketiyi, musanalowetse siginolo yezani DC ndi malitimita. Besi ikhale cha m'ma 2 V, emita cha m'ma 1.3 V, kolekita cha m'ma 6 V, kapena 5.6 V ngati β ili yaikulu. Kolekita ikakhala pa 12 V ndiye kuti palibe karenti, onani R1 ndi miyendo ya tiranzisita, chifukwa BC547 ndi 2N3904 zimaoneka zofanana koma emita ndi kolekita zili mosinthana, besi yokha ndi imene ili pakati pa zonse ziwiri. Kolekita ikakhala pafupi kwambiri ndi emita ndiye kuti yakhuta, nthawi zambiri R2 siinalumikizike bwino kapena mwaika rezisita yolakwika pa RE. DC ikakhala bwino lowetsani funde la 1 kHz la 100 mV, muyeze pa besi penipeni ndi chanelo chimodzi, pa kolekita ndi china, muyembekeze 456 mV yotembenuka ngati palibe lodi. Mukapeza cha m'ma 310 mV onani ngati lodi ya 10 kΩ ikadali yolumikizidwa. Mukapeza funde lalikulu lodulika ngati bokosi ndiye kuti pali kapasita imene yalambalala RE yonse ndipo geyini yakwera kupitirira 200. Nambala ikasiyana ndi imene mumayembekezera kakhumi ndendende, yang'anani swichi ya pa pulobu ngati ili pa ×1 kapena ×10 ndipo osilosikopu muiuze zomwezo. Ndipo ikani pulobu pa emita muone siginolo ya pamenepo, iyenera kukhala pafupifupi 98 mV yosatembenuka, kutsatira besi, kusiya 2 mV yokha pakati pa besi ndi emita monga 20/1020 inanenera.